Nsima ya masana ndi tulo ta pa mashini: chikuchitika n'chiyani m'thupi?

*Asisi, ine ndine telala ku Fordsburg koma ndimakhala ku Orange Farm, ndimadzuka 4 koloko kuthamangira tekisi. Lanchi timaphika tokha kuseri kwa shopu cha m'ma 1, nsima ya ufa wa supa mitanda itatu ndi ndiwo pang'ono, pena tchipisi ndi chakumwa chozizira. Ikamakwana 2 koloko maso amangotsekeka okha, sabata yatha singano ya mashini inatsala pang'ono kundiboola chala. Anzanga akuti magazi onse amathawira kumimba, wina akuti ndi shuga. Zoona zake ndi ziti?*

Achimwene, tiyambe ndi ya magaziyo chifukwa ndi imene ndimaimva kwambiri kuno ku Joni, m'matekisi, m'masaluni, olo kwa anthu ophunzira bwinobwino. N'zoona kuti mukadya magazi opita kumatumbo amachuluka, koma sachotsedwa kumutu ayi. Ubongo uli ndi njira yake yodzitetezera, mitsempha yake imatseguka kapena kuchepa yokha kuti magazi azifika mlingo womwewo, ndipo mtima umangowonjezera kupopa pang'ono kuti kumimba nako kukwanire. Ganizani mmene zimakhalira mukamathamangira tekisi m'mamawa muja, magazi ambirimbiri amapita m'miyendo kuposa amene amapita kumimba mukadya, koma simugona muli pa liwiro. Amene nkhani ya magaziyi imawakhudzadi ndi achikulire ena, makamaka amene akumwa mankhwala a BP, iwowo kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika akangodya, ndipo amamva chizungulire akaimirira, osati tulo tokoma tija inu mukunena.

Chimene chikukuchitikirani ndi zinthu zitatu zimene zikukumana pa ola limodzi, ndipo nsima ndi imodzi chabe mwa izo, ngakhale ndi imene mungathe kuisintha mawa lomwe.

Tiione mbale yanuyo pafupi. Tiyerekeze kuti mitanda itatu yanu yatenga ufa wokwana magalamu 200, zimene sizodabwitsa kwa mwamuna wa ntchito amene sanadye chilichonse cholimba m'mamawa. Ufa wa chimanga, pa magalamu 100 alionse, pafupifupi 75 ndi sitachi. Nde mwadya sitachi wokwana magalamu 150, tisanawerengere tchipisi ndi masipuni angapo a shuga amene ali m'botolo lija. Sitachiyu si china ayi, ndi timashuga ting'onoting'ono tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Malovu amayamba kudula ulusiwo mkamwa momwe, n'chifukwa chake mukatafuna buledi nthawi yaitali amayamba kutsekemera, kenako m'matumbo timadzi tochokera ku kapamba timamaliza kudula, mkanda uliwonse n'kulowa m'magazi ngati shuga.

Tsopano imvani izi. Magazi onse a munthu wamkulu, malita pafupifupi 5, amanyamula shuga wokwana magalamu 4 kapena 5 basi pa nthawi imodzi, kasipuni kamodzi ka tiyi. Inu mwatumiza masipuni 30 pa mphindi khumi zimene mwakhala pa benchi paja. Salowa onse nthawi imodzi, mimba imatulutsa pang'onopang'ono, koma ufa wa supa ndi wosalala kwambiri, gaga ndi kamtima ka chimanga anazichotsa ku chigayo, nde palibe choti chiuchedwetse panjira. Pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi shuga wafika pamwamba penipeni, ndipo kapamba akutulutsa insulini wambiri kuti amuchotse m'magazi n'kumulowetsa m'minofu ndi m'chiwindi. Mukayamba kudya 1 koloko, ola limeneli likugwera pomwe mwanena paja.

Nde shuga wokwera ndi tulo zikugwirizana pati? Pakati pa ubongo, chapansi, pali kagulu kochepa ka maselo amene ntchito yawo ndi kukusungani maso. Amatulutsa kamankhwala kotchedwa oreksini, kamene akatswiri anakatulukira mu 1998. Kufunika kwake kumaoneka bwino pa anthu amene maselowa anawonongeka, iwowo amatha kungogona mwadzidzidzi ali pakati polankhula kapena kudya. Chosangalatsa n'chakuti maselo amenewa amamva kuchuluka kwa shuga. Pa kafukufuku wa pa mbewa zinaoneka kuti shuga akakwera maselowa amachepetsa kugwira ntchito, akatsika amadzuka, ndipo tizidutswa ta mapuloteni, ta mtundu umene umachokera ku nyemba, mazira kapena nsomba, timawadzutsa ndithu. Mukaganiza zimamveka. Nyama ya njala iyenera kukhala tcheru kuti isake chakudya, yokhuta ilibe chifukwa choyendayenda, ikagona pamthunzi. Aliyense amene anawetapo ng'ombe kumudzi anaziona zimenezi masana alionse.

Pali njira ina yachiwiri imene mabuku ambiri amaikonda, ya insulini uja. Iye samangochotsa shuga yekha m'magazi, amakankhiranso tizidutswa tambiri ta mapuloteni m'minofu, koma kamodzi kotchedwa tiriputofani kamatsalira kambiri m'magazi. Tizidutswa timeneti timalimbirana khomo limodzi lolowera mu ubongo, ngati mmene zimakhalira pa renki ya Bree madzulo, anthu ambiri chitseko chimodzi. Enawo akachoka pamzere, tiriputofani amalowa mosavuta, ndipo mkatimo amasanduka serotonini, amene thupi limapangiranso melatonini, kamankhwala kothandiza kubweretsa tulo usiku. Izi anazionetsa John Fernstrom ndi Richard Wurtman ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pa makoswe. Ine njira imeneyi sindiipatsa mphamvu zambiri monga ena amachitira, chifukwa zinapezekanso kuti puloteni pang'ono chabe m'chakudya amabwezeretsa anthu aja pamzere, mpikisano n'kuyambiranso. Kwa munthu amene wadya nsima ndi nyemba zokwanira njirayi siigwira kwenikweni. Koma mbale ya nsima, tchipisi, kamsuzi ka tomato ndi chakumwa chotsekemera, kapena kota ya buledi woyera yodzaza tchipisi yokhala ndi kapoloni kamodzi kopyapyala, imeneyo ndi sitachi pamwamba pa sitachi, ndipo ili pafupi kwambiri ndi zimene ankadyetsa makoswe aja.

Kuti mtundu wa sitachi uli ndi gawo, zinayesedwanso pa anthu. Mu 2007 ku Sydney anatenga amuna 12 athanzi, n'kuwapatsa chakudya chamadzulo cha mpunga maola 4 asanagone. Tsiku lina mpunga wa mtundu umene umakweza shuga msanga, tsiku lina wokweza pang'onopang'ono, kuchuluka kwake kofanana. Atadya wokweza msanga uja ankagona pakatha mphindi pafupifupi 9, atadya winawo zinkatenga pafupifupi 17. Anthu 12 ndi ochepa, komanso unali usiku osati masana, koma zikuloza mbali yomweyi.

Kenako pali kukhuta kumene, kaya mwadya chiyani. Mimba ikatambasuka, ndipo mafuta a tchipisi aja akafika m'matumbo, matumbo amatulutsa timauthenga tawo ndipo mtsempha waukulu wochokera kumimba kupita ku ubongo umanena kuti zakwana, tsopano tikhale pansi tigaye. Thupi limasintha giya, kuchoka pa ya ntchito kupita pa yopuma. Ichi n'chifukwa chake olo biriyani ya Lachisanu ya ku Fordsburg komweko, yomwe ili ndi nyama ndi mafuta ambiri, imagonetsa chimodzimodzi mukadzaza mbale. Pa zonse zimene ndafotokozazi, kukula kwa mbale ndi kumene ndikukhulupirira kuti kukukupwetekani kwambiri, kuposa dzina la chakudyacho.

Koma ndikanakhala kuti ndathera pa nsima ndikanakunamizani. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi. Munthu aliyense ali ndi nthawi ziwiri pa tsiku zimene tulo timakoka kwambiri, ina ndi m'bandakucha, ina ndi masana cha m'ma 1 mpaka 4 koloko, ndipo ya masanayi imabwera olo musadye kalikonse. Anthu anayesedwa osapatsidwa lanchi, kuwodzera kunabwerabe, kungoti chakudya chambiri chimakukulitsa. Mudziyese nokha, Lamlungu mukadya mbale yomweyo 10 koloko m'mawa mutagona bwino, muona kuti simufooka ngati mmene mumafookera pa mashini.

Chachitatu ndi chimene chandikhudza kwambiri m'funso lanu, ndi 4 koloko ija. Kuchokera pamene mwadzuka, mu ubongo mumaunjikana kamankhwala kotchedwa adenozini, ndi ngati ngongole ya tulo imene imakwera ola lililonse muli maso ndipo imabwezedwa ndi kugona basi. Ikamakwana 2 koloko masana inu mwakhala maso maola 10, pamene mnzanu wa ku Mayfair amene amayenda wapansi kubwera ku shopu ndipo amadzuka 7 koloko wangokhala maola 7. Ndipo ngati mumafika kunyumba 8 koloko usiku, kuphika, kudya, kuimbira foni kumudzi, kugona cha m'ma 11, nde mukugona maola 5 pamene munthu wamkulu amafuna osachepera 7. Pa sabata imodzi ya ntchito ngongoleyo yafika maola 10 kapena kuposa, usiku wathunthu ndi theka. M'mawa simuimva chifukwa cha kuzizira kwa panja, phokoso la pa renki, tiyi, ndi wotchi ya m'thupi imene nthawi imeneyo ikukukankhirani mmwamba. Masana zonsezo zikachoka, oreksini akachepa, mwakhala pampando, mashini akulira mawu amodzimodzi, mu Juni ndi Julaye hita ili pamiyendo zitseko zotseka, ngongole ija imangotulukira poyera. Nsima siinabweretse tulo timeneto kuchokera kunja, tinalipo kale tikudikira.

Nde muchite chiyani? Sindikuuzani kuti musiye nsima, sizingatheke ndipo sikofunika. Ndikupempha sabata imodzi yoyesera, musinthe chinthu chimodzi chachikulu, mitanda itatu ija muigawe. Umodzi ndi theka pa lanchi, wotsalawo muuphimbe mudye cha m'ma 4 kapena muchotseretu ufa wake mumphika n'kudya kanthu kolimba 9 koloko m'mawa, mazira awiri owiritsa ndi buledi wa bulauni, kapena chiponde pa buledi, kuti musamafike 1 koloko muli ndi njala yolusa ija imene imapangitsa munthu kumeza osatafuna. Malo amene nsima yasiya m'mbale mudzazemo ndiwo, nyemba, usipa kapena kapenta, nsomba ya m'chitini, ziwindi za nkhuku, kabichi, sipinachi wotendera. Mukhala mutakhuta ndithu, koma sitachi watsika kuchoka pa magalamu 150 kufika cha m'ma 75, ndipo nyembazo zimachedwetsa chakudya kutuluka m'mimba nde shuga amakwera ngati chitunda osati ngati khoma. Yambani ndi ndiwo, mapisi angapo, musanateme nsima. Tchipisi ndi nsima zisakumane m'mbale imodzi, sankhani chimodzi, ndipo botolo lija lilowedwe m'malo ndi madzi, olo pa masiku a ntchito okha.

Za ufa, mgaiwa ndi wabwinoko chifukwa gaga ndi kamtima zilimo, ndipo ndikudziwa kuti kuno sumapezeka paliponse ngati kwathu, ambiri timadikira wina abwere nawo pa basi ku Park Station. Koma musaganize kuti mgaiwa ndi mankhwala, mitanda itatu ya mgaiwa ndi sitachi wambiri ndithu. Chimene anzathu akuno amaphika, chimanga chokonola chophikira pamodzi ndi nyemba, chofanana ndi chingowe chathu chija, n'chabwino kwambiri pa lanchi ya munthu wa pa mashini chifukwa njere zake zimagayika mochedwa. Ndipo mkute musaunyoze. Nsima ikazizira n'kugona, gawo lina la sitachi limalimba mwa njira yoti matumbo amavutika kulidula, nde imakweza shuga mochepera kuyerekeza ndi yotentha yongochoka pamoto. Kusiyana kwake si kwakukulu koti n'kudalira kokha, koma kulipo, bola mwausunga mu filiji.

Mukamaliza kudya musabwerere pampando nthawi yomweyo. Tulukani panja, muyende mphindi 10 kapena 15, kukagula ulusi, kukasiya katundu kwa kasitomala, olo kungozungulira buloko. Minofu ya miyendo ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi popanda kudikira insulini wambiri, ndipo dzuwa la masana likalowa m'maso limauza wotchi ija kuti kudakali kowala. Ngati abwana amalola, kugona mphindi 15 mpaka 20 mutatchera alamu kumathandiza kuposa kulimbana nato tulo maola awiri, koma musapitirire theka la ola chifukwa mumalowa tulo takuya n'kudzuka mutu uli zii. Ntchito yosoka pafupi ndi singano, makolala, mazipi, muziika m'mawa, ndipo ola la 2 lija likhale lodula nsalu kapena kusita mutaimirira. Chala chimenecho ndi chimene chikudyetsa ana kumudzi, musachiike pachiswe chifukwa cha oda imodzi.

Khofi kapena tiyi amathandiza chifukwa kafini amatseka malo amene adenozini amakhalapo, ngongole iripobe koma ubongo sukuimva kwa kanthawi. Kapu imodzi mukangodya ili bwino. Vuto ndi lakuti kafini amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'thupi, nde zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'zitini zimene anyamata amamwa 4 kapena 5 koloko zimakaba tulo ta usiku, mawa ngongole n'kukula, komanso zambiri zili ndi shuga. Tiyi wofiira wakuno uja wa royibosi alibe kafini, sangakudzutseni masana koma ndi wabwino madzulo.

Tsopano mnzanu amene anatchula shuga uja musamuseke. Kuwodzera mukadya pakokha si chizindikiro cha matenda a shuga, anthu athanzi ambiri zimawachitikira. Koma ndinaonapo mayi wina wa kwathu, wogwira ntchito ya m'nyumba, amene anabwera akudandaula zomwezi, akuti akangodya amafooka ngati wamenyedwa. Nditamufunsa bwino anati botolo la madzi la malita awiri limatha usiku umodzi, amadzuka kanayi kukataya madzi, ndipo siketi imene anasoketsa pa Khirisimasi anali akuimanga ndi pini. Titamubaya chala kamashini koyezera shuga kanaonetsa 16. Iye ankangoti ndi kutopa kwa ntchito. Nde dzifunseni, kodi ludzu likuchuluka, kodi mukukodza pafupipafupi makamaka usiku, mukuonda osadziwa chifukwa, maso akuchita chifunga, zilonda zikuchedwa kupola, kapena kwanu alipo wa shuga? Ngati yankho ndi eya pa chimodzi mwa izi, pitani ku kiliniki ya boma ya kufupi nanu kapena ku famase imene amayeza, n'kubaya chala basi. M'mawa musanadye kalikonse, kamashini kakaonetsa 7.0 mmol/L kapena kuposa, kapena 11.1 kupita mmwamba nthawi ina iliyonse muli ndi zizindikiro zija, pafunika kuyeza magazi mokwanira kuti atsimikize. Kwa munthu wopanda vuto, pakatha maola awiri chidyereni shuga amakhala atabwerera pansi pa 7.8.

Pali kufooka kwina kosiyana ndi tulo timeneti kumene muyenera kukusiyanitsa. Kumabwera mochedwa, maola awiri mpaka anayi mutadya, ndipo sikukhala kokoma, manja amanjenjemera, thukuta, mtima kugunda, njala yadzidzidzi, kupsa mtima pa zazing'ono, ndipo mukadya kanthu zimatha pa mphindi zochepa. Pamenepo insulini anatuluka wambiri n'kutsitsa shuga kupitirira muyeso. Ngati zanu zili choncho cha m'ma 4, mukanene ku kiliniki ndipo mutchule nthawi yake yeniyeni, chifukwa nthawiyo ndi imene imatithandiza kusiyanitsa.

Funsaninso amene mumagona naye chipinda chimodzi ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumakhala ngati mwasiya kupuma kenako n'kudzidzimuka. Anthu otero amatha kugona maola 8 koma n'kudzuka ngati sanagone, mutu ukuwawa, ndipo masana amagona paliponse olo adye pang'ono bwanji. Mapiritsi ena a chimfine ndi a ziwengo nawonso amagonetsa, werengani pa kabokosi, ndipo kuchepa kwa magazi kumafooketsa tsiku lonse osati pa lanchi pokha.

Pa sabata yoyesera ija lembani pa kapepala kapena mu foni zinthu zitatu tsiku lililonse, nthawi imene munagona usiku, zimene mwadya masana, ndi mmene maso analili 2 koloko. Yesetsani masiku awiri kapena atatu mugone 9 koloko, olo zitanthauze kuphika ndiwo za masiku angapo Lamlungu kuti musamayambe moto mukafika. Mukaona kuti mbale yochepa yathandiza, nde inali mbale. Mukaona kuti masiku amene munagona msanga ndi amene munali bwino kaya munadya chiyani, nde ndi ngongole ya tulo. Zonse ziwiri mukasintha koma mukuwodzerabe pa mashini, tengani kapepalako mupite nako ku kiliniki mukayezetse shuga ndi magazi.